Chikwangwanichi akuti chani? Kamasuliridwe ka zikwangwani za kunja

Munthu akakhala kunja n'kukutumizirani chithunzi pa foni kuti "tandiuzeni apa akuti chani", nthawi zambiri sikuti akufuna kuphunzira chilankhulo ayi. Akufuna adziwe ngati angasiye galimoto pamenepo, ngati angalowe mu msewu umenewo, ngati shopuyo atsegule posachedwa kapena angobwerera. Ndiye inu mukangotola mawu awiri atatu ali pachikwangwanipo n'kuwayang'ana mu dikishonale n'kumubwezera, mawuwo mwamasulira koma funso lake simunayankhe, pena mwamukankhira m'dzenje kumene.

Chikwangwani ndi chiganizo chodulidwa. Wolembayo malo anali ochepa komanso amadziwa kuti wowerenga ali pa liwiro, nde anachotsa chilichonse chomwe munthu wa komweko amachidziwa kale. Zomwe anachotsazo sizinatayike, zili mu mtundu wa chikwangwanicho, mu kaumbidwe kake, ndi pamalo pomwe achikhomapo. Ntchito yanu ndi kubwezeretsa chiganizo chonse kenako n'kuchifupikitsanso mu Chichewa osataya mfundo. Ine ndimapanga chonchi.

Choyamba, musamasulire chithunzi chodula

Anthu amakonda kujambula mawu okha, pafupi kwambiri, kuti muwerenge bwino. Muuzeni abwerere m'mbuyo pang'ono ajambulenso mtengo wonse wa chikwangwanicho kuyambira pamwamba mpaka pansi, msewu kapena chitseko zizionekanso. Mufunseninso kuti ali dziko liti, poti chilankhulo chimodzi chimasintha malinga ndi dziko. Chipwitikizi cha ku Brazil chimalemba PARE pa chikwangwani choimitsa galimoto pomwe ku Portugal amalemba STOP, ndipo malo ogulitsira nyama ku Portugal ndi ku Mozambique ndi "Talho" koma ku Brazil ndi "Açougue".

Chifukwa chake ndimaumirira za chithunzi chonse, taonani liwu limodzi ili la Chijeremani, "frei". Pa zenera la nyumba ya alendo akalemba "Zimmer frei" ndiye kuti zipinda zilipo zopanda anthu, osati zaulere, mulipira ndithu. Pakhomo la chionetsero "Eintritt frei" ndiye kuti kulowa ndi kwaulere. Pa botolo "alkoholfrei" akuti mulibe mowa. Pansi pa chikwangwani choletsa kulowa, akajambula njinga n'kulemba "frei", akuti njinga zokha lamuloli silikuzikhudza, zitha kulowa. Liwu ndi lomwelo, matanthauzo anayi, ndipo chomwe chikusankha tanthauzo si dikishonale koma pomwe liwulo lapachikidwa. Munthu akakutumizirani "frei" yekhayekha palibe chomwe mungamuuze chomveka.

Chachiwiri, werengani kaumbidwe ndi mtundu musanawerenge mawu

Mayiko ambiri a ku Ulaya, ndi ena a ku Asia ndi mu Africa muno, amatsata pangano la zikwangwani za pamsewu lomwe linasainidwa ku Vienna mu 1968. Mfundo yake ndi yosavuta. Cha makona atatu chokhala ndi mphepete yofiira chikuchenjeza. Chozungulira cha mphepete yofiira chikuletsa. Chozungulira chabuluu chikulamula kuti chitani chakuti. Cha makona anayi chabuluu nthawi zambiri chikungodziwitsa. Mukadziwa izi ndiye kuti mneni wa chiganizo chanu mwamupeza kale, kaya ndi "samalani", "osa-", "muyenera" kapena "kuli".

Pomwe anthu amagwera ndi apa. Ku Ulaya chozungulira chofiira sichifuna mzere wodutsa pakati kuti chikhale choletsa. Njinga ili mkati mwa mkombero wofiira, popanda mzere uliwonse, ndiye kuti njinga zaletsedwa, pomwe munthu wosadziwa amaona ngati akumuuza kuti iyi ndi njira ya njinga. Njira ya njinga ndi ija yabuluu. Nambala nayo chimodzimodzi, 30 mu mkombero wofiira ndi liwiro lomwe simuyenera kupyola, koma 30 yoyera pa chozungulira chabuluu ndi liwiro lomwe simuyenera kuchepera. Ndiye pali china chongokhala choyera mkati ndi mkombero wofiira basi, chopanda chithunzi chopanda mawu, chimaoneka ngati anaiwala kulembapo, koma chikutanthauza kuti magalimoto asadutse mbali zonse ziwiri.

Kaumbidwe komweko kathanso kusintha mukawoloka nyanja. Ku Amereka, ku Canada ndi ku Australia chachikasu choimikidwa ndi kona imodzi pansi ndi chenjezo. Ku Ulaya chachikasu choima chonchomo chokhala ndi mphepete yoyera chikukuuzani kuti msewu wanu ndiye waukulu, ena ndiwo akupatseni mpata. Ku Japan chikwangwani choimitsa galimoto si cha makona 8 chija, ndi cha makona atatu chofiira choyang'ana pansi cholembedwa 止まれ, nde munthu wozolowera za ku Ulaya amachitenga ngati chongoti perekani mpata pomwe chikuti imani ndithu matayala asiye kuzungulira.

Chachitatu, kachikwangwani kapansi ndiye mwini nkhani

Apa ndikhalitsapo chifukwa zindapusa zambiri zimachokera pano. Chikwangwani chachikulu chimanena lamulo, koma kakang'ono kapansi, kaja koyera ka zilembo zakuda, ndi komwe kamanena kuti lamulolo likukhudza ndani, liti, komanso mpaka pati. Ndipo mawu ake amakhala aafupi kwambiri moti maso amangowadumpha.

Mawu oyamba kuwasaka ndi otanthauza "kupatula". Chifalansa ndi "sauf", Chitaliyana "eccetto", Chipwitikizi "exceto" kapena "excepto", Chidatchi "uitgezonderd", Chijeremani ndi "frei" uja yemwe amabwera kumapeto, kapena "außer". Liwu limeneli likakuphonyani mumasulira chikwangwani chonse chagada. "Sauf riverains" pansi pa choletsa kulowa, mukapita ku dikishonale mwina ikuuzani za anthu okhala m'mbali mwa mtsinje, mudabwa kuti mtsinje uli kuti. Palibe mtsinje, akunena anthu okhala mu msewu umenewo. La Chijeremani lofanana nalo ndi "Anlieger frei", koma ili ndi lotambalala pang'ono, likuphatikiza okhala momwemo komanso amene ali ndi chochita pa nyumba kapena shopu ya mu msewuwo, monga mlendo wodzacheza kapena wobweretsa katundu. Nde mukamasulira kuti "okhala muno okha" mwamuletsa munthu yemwe akupita kwa m'bale wake momwemo pomwe iye ndi wololedwa. Ine ndimati "osalowa, kupatula okhala muno ndi amene akudzawaona". Wongofuna kudulira njira ayi.

Kenako masiku. Apa ife olankhula Chichewa tili ndi msampha wathuwathu. Ife timawerenga Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, nde tikaona "2ª a 6ª" pa chitseko cha Chipwitikizi mutu umathamangira kuti Lachiwiri mpaka Loweruka. Ayi. Apwitikizi tsiku lawo lachiwiri, "segunda-feira", ndi Lolemba, "terça" ndi Lachiwiri, "quinta" lomwe likumveka ngati lachisanu ndi Lachinayi, ndipo "sexta" ndiye Lachisanu. Ndiye "2ª a 6ª" ndi Lolemba mpaka Lachisanu, mukapita Loweruka mukapeza potseka. Njira yachidule, nambala ya Chipwitikizi muzichotsapo imodzi. Chiswahili nachonso chimapusitsa chifukwa mawu ake amamveka ngati athu, "Jumatatu" ndi Lolemba, "Jumanne" Lachiwiri, "Jumatano" Lachitatu, komanso ola amawerenga kuyambira kutuluka kwa dzuwa moti "saa 2 asubuhi" ndi 8 koloko m'mawa.

Ku Italy liwu loti "feriale" limafanana ndi "ferie" lomwe ndi holide, nde munthu amaganiza kuti akunena masiku opuma. Ndi zosiyana kotheratu, "feriali" ndi masiku ogwira ntchito, Lolemba mpaka Loweruka, ndipo "festivi" ndiwo Lamulungu ndi maholide. Pena salemba n'komwe, amangojambula tinyundo tiwiri topingasana kutanthauza masiku antchito, ndi kamtanda kutanthauza Lamulungu ndi maholide. Ku Sweden amachita kuposa pamenepo, tsiku salitchula, maola opanda mabulaketi ndi a mkati mwa sabata, a m'mabulaketi ndi a Loweruka kapena tsiku loti mawa lake ndi holide, ofiira ndi a Lamulungu ndi maholide. Chithunzi chikakhala chosaoneka bwino mtundu, mufunseni wojambulayo kuti manambala enawo ndi ofiira kapena ayi.

Tiyeni tiyese chimodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi

Tinene kuti mchemwali wanu ali mu mzinda wina ku Jeremani, wabwereka galimoto, ndi Loweruka 10 koloko m'mawa, akufuna kuisiya m'mbali mwa msewu akagule zinthu kwa ola limodzi. Watumiza chithunzi. Pamwamba pali chozungulira chabuluu cha mkombero wofiira ndi mzere umodzi wofiira wopendekeka. Pansi pake kachikwangwani koyera kalembedwa "werktags 8-18 h". Pansi pakenso kena kalembedwa "Bewohner mit Parkausweis Nr. 5 frei".

Yambani ndi chachikulu. Werengani mizere yofiira. Ikakhala iwiri yopingasana ndiye kuti osaima n'komwe ngakhale pang'ono. Umodzi ngati apa ndiye kuti kuima kwa kanthawi ndi kololedwa, ku Jeremani ndi mphindi zosapyola 3, kapena nthawi yomwe mukukweza ndi kutsitsa anthu kapena katundu, koma kuisiya n'kuchokapo ayi. Onani kuti Chichewa chathu apa chitha kusokoneza, "osaima" ndi "osaimika" zimamveka zofanana kwa munthu amene akuwerenga mothamanga. Ine cha mizere iwiri ndimati "osaima ngakhale pang'ono", cha mzere umodzi ndimati "osasiya galimoto pano". Ena amati "osapaka", zimamveka ndithu kwa oyendetsa, bola nkhani ikhale yodziwika kuti ndi ya galimoto osati ya penti.

Kachiwiri kaja. "8-18 h" ndi 8 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, musinthiretu inuyo, osamusiyira 18 kuti aziwerengera yekha ali pamsewu. Ndiye "werktags". Dikishonale ikuti masiku antchito, mchemwali wanu akamva choncho asangalala kuti lero ndi wikendi sizikundikhudza. Apa ndi pomwe pali dzenje. Ku Jeremani "Werktag" ndi Lolemba mpaka Loweruka, lomwe latsala ndi Lamulungu ndi maholide a boma basi. Akanafuna kuchotsa Loweruka akanalemba "Mo-Fr". Choncho "masiku antchito" ndi kumasulira kolondola pa mawu koma kolakwika pa zochita, muyenera kutchula masikuwo ndi maina.

Kachitatu. "Bewohner" ndi okhala m'deralo, "Parkausweis" ndi chikalata chololeza kuimika galimoto, "Nr. 5" ndi nambala ya dera, ndipo "frei" tamudziwa kale, ndi "kupatula". Munthu wothamanga akaona "frei" amamva kuti zaulere n'kuganiza kuti wapeza pakingi yosalipira. Koma akuti eni dera okhala ndi chikalata cha nambala 5 ndiwo lamuloli silikuwakhudza. Galimoto yobwereka ilibe chikalata chimenecho.

Chiganizo chonse ndiye ichi: kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, 8 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, palibe kusiya galimoto pano kupatula eni dera omwe ali ndi chikalata cha nambala 5. Koma musamutumizire chimenechi poyamba, iye ali pamsewu kumbuyo kwake ena akuimba hutala. Mzere woyamba ukhale yankho la funso lake: "Musaisiye, Loweruka likuwerengedwa, mpaka 6 koloko madzulo." Chiganizo chachitalicho chibwere pambuyo. Ndipo akanena kuti "koma pali magalimoto ena ayima pompa", muuzeni asuzumire pa galasi lakutsogolo la magalimotowo, nthawi zambiri aona kakhadi ka nambala komweko. Magalimoto a eni dera si umboni woti mlendo naye ndi wololedwa.

Kanthu kena pa chikwangwani chomwechi, pena mkati mwa buluumo mumakhala kamuvi koyera. Kakaloza kumsewu ndiye kuti lamulo likuyambira pamenepo kupita kutsogolo, kakaloza kunja kwa msewu ndiye kuti likuthera pamenepo, tikakhala tiwiri muli pakatikati. Ichi ndi chifukwa china chofunira chithunzi choonetsa msewu, kamuvi kopanda msewu simungadziwe kakuloza kuti.

Chachinayi, siyanitsani dzina ndi liwu wamba

Pali nkhani yomwe apaulendo amasimbirana kawirikawiri ya mlendo yemwe anasiya galimoto n'kulemba pa pepala dzina la msewu kuti asasochere, "Einbahnstraße", pobwera n'kupeza kuti misewu yambirimbiri mu mzindamo ili ndi "dzina" lomwelo. Liwulo limangotanthauza msewu wolowera mbali imodzi. Ku Italy ndi "Senso unico". Chimodzimodzi "Ausfahrt" pa misewu ikuluikulu, si tauni yaikulu yomwe njira zonse zikupitako ayi, ndi potulukira. Ku Falansa mukaona "Toutes directions" akuti kulikonse komwe mukupita ngati mukutuluka mu tauni tsatirani uku, ndipo "Autres directions" akuti ngati komwe mukupita sikunalembedwe pa zikwangwani zinazi, njira yanu ndi iyi. "Rappel" pansi pa nambala ya liwiro si malo, ndi chikumbutso chabe kuti liwiro lija likadali lomwelo.

Mbali inayo ndi yoti dzina lenileni musalimasulire, ndipo musalisinthe kalembedwe ngakhale pang'ono. Munthuyo akafananiza zilembo ndi maso, nde mukamulembera mmene limamvekera sakalipeza. Chomwe mungamuthandize ndi kumuchenjeza kuti mzinda umodzi utha kukhala ndi maina awiri. Ku Belgium mukuyenda kupita ku Liège, mukalowa chigawo cholankhula Chidatchi zikwangwani zimayamba kunena Luik, Mons amasanduka Bergen, ndipo Lille wa ku Falansa amalembedwa Rijsel. Munthu amaona ngati wasochera pomwe ali pa njira yomweyo. Polemba, ikani onse awiri: "tsatirani Luik, ndi Liège yemweyo".

Manambala musawakhulupirire msanga. Ku Britain ndi ku Amereka liwiro ndi la mamailosi, 30 ya kumeneko ndi pafupifupi makilomita 48 pa ola. Pomasulira ine nambala ya pachikwangwani ndimaisiya mmene ilili n'kuwonjezera kuti ndi mamailosi, chifukwa galimoto ya komweko geji yake ikuwerenganso mamailosi, mukamusinthira n'kumuuza 48 yokha atha kukayenda 48 pa geji yolakwika.

Chachisanu, za m'mashopu

Apa chindapusa palibe koma pali kutaya nthawi ndi ndalama, komanso manyazi pang'ono. Ine ndinakankhapo chitseko cha galasi kangapo konse mpaka wa mkati anachita kundilozera ndi dzanja, chifukwa panalembedwa "Puxe" lomwe likamatchulidwa limamveka ngati liwu la Chingerezi lotanthauza kukankha, pomwe mu Chipwitikizi akuti kokani. Kukankha ndi "Empurre". Mawu ofanana ndi Chingerezi ndiwo oopsa kuposa achilendo, poti achilendowo mumafunsa koma awa mumangoti ndadziwa kale. "Librairie" ya Chifalansa ndi shopu yogulitsa mabuku osati kobwereka mabuku. "Location" ndi kubwereketsa, "Occasion" ndi zinthu zogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo "Hôtel de ville" musapiteko ndi zikwama, ndi maofesi a khonsolo ya mzinda. "Notausgang" ya Chijeremani sikuti akukana kuti si potulukira, "Not" ndi ngozi, ndi khomo lothawira pa ngozi.

Za pa chitseko muzifunsa funso limodzi, kodi panopa ndingalowe, ngati ayi ndibwere liti. Ku Japan malo odyera amapachika 準備中, mawu ake enieni ndi "tili mkati mokonzekera". Mukamasulira choncho munthu aima panja kudikira ngati atsegula mphindi zisanu zikubwerazi, pomwe ndi njira yaulemu yonenera kuti ndi kotseka, mwina mpaka chakudya chamadzulo. Lembani "atseka kaye, onani maola pa chitseko". Kotsegula amalemba 営業中. Ku Italy "Chiuso per ferie" ndi kutseka kwa holide, kawirikawiri mu Ogasiti, ndipo si kwa tsiku limodzi, sakani madeti pansi pake. "Torno subito" ndi "ndibwera posachedwa", posachedwa pakeyo ndi wa mwini shopu, ine sindimalonjeza mphindi.

Mitengo ndiye yofunika kukhala nayo pansi. Ku China akalemba 8折 munthu amaona ngati achotsa 8 peresenti, kapena 80 peresenti n'kuyamba kusangalala. Zonse ziwiri ndi zolakwika. Nambalayo ikunena gawo lomwe mulipire, magawo 8 mwa 10. Chinthu cha 200 yuan mulipira 160, ndiye kuti achotsa 20 peresenti. Nambala ikamachepa ndi pomwe mtengo ukutsika kwambiri, 2折 pa chinthu chomwecho mulipira 40 yokha. Tsono ku Japan 2割引 ikuyenda mobwerera, iyo ikunena gawo lomwe achotsa, magawo 2 mwa 10, chinthu cha 1000 yen mulipira 800. Nambala ndi 2 yomweyo, zilembo kwa ife zikuoneka ngati za banja limodzi, koma kwina mukulipira 20 peresenti kwina 80. Pa zoterezi musamasulire ndi mawu okha, muikepo chitsanzo cha ndalama, "cha 200 mulipira 160", palibe angasokonezeke.

Ku Ulaya chinyengo chake chili mu timawu tating'ono ta pambali pa nambala yaikulu. "Jusqu'à -70%" ndi "mpaka 70 peresenti", kutanthauza kuti mwina ndi zinthu zochepa chabe zomwe zatsika choncho. "À partir de" kapena "ab" ya Chijeremani ndi "kuyambira pa", mtengo mukuonawo ndi wa chotchipitsitsa. Timawu timeneti amatilemba mochepetsa dala, inu pomasulira mutiike poyamba. Kumbukiraninso kuti ku Jeremani, ku Italy ndi ku Portugal kakoma ndi komwe kamalekanitsa masenti, 9,99 ndi pafupifupi 10, ndipo 1.500 nthawi zambiri ndi 1500 osati imodzi ndi theka.

Chachisanu ndi chimodzi, kufupikitsa mu Chichewa

Ngati mukungoyankha pa foni malo muli nawo, ingotsatani zija, yankho kaye kufotokoza pambuyo. Koma pena mumafunika kulemba pansi pa chithunzi, kapena pa kapepala ka gulu la apaulendo, malo ndi mzere umodzi. Mawu athu ndi aatali, nde muyenera kusankha chotaya. Ulemu wa pachikwangwani, zija za "chonde" ndi "tikuthokoza makasitomala athu okondedwa", tayani. Dzina la ofesi yomwe yaika lamulo tayani. Zomwe simuyenera kutaya ndi mneni, "kupatula" ndi omwe akupatulidwawo, ndi nthawi. Mwamwayi Chichewa chili ndi "osa-" yemwe amagwira ntchito ya mawu angapo, "osalowa", "osadutsa", "osakhota". Polamula gwiritsani cha ulemu chachifupi, "imani", "kokani", "perekani mpata". Mphamvu ya chikwangwani isasinthe, chenjezo lisasanduke lamulo, ndipo lamulo musalifewetse ndi "ndi bwino kuti" poopa kumveka mwano. Pa ZTL ya ku Italy, yomwe ndi "Zona traffico limitato", kumasulira koti "dera la magalimoto ochepa" kukumveka ngati akukuitanani kuti kulibe mzere wa magalimoto, pomwe m'mizinda yambiri pakhomo pake pali kamera yojambula nambala ya galimoto iliyonse yolowa popanda chilolezo. Lembani "osalowa popanda chilolezo, pali kamera", maola ake muwatenge pa kachikwangwani kapansi.

Ngati chikwangwani cha shopu chili ndi nthabwala kapena kusewera ndi mawu, musavutike kusaka nthabwala yofanana nayo pa mzere umodzi. Nenani chomwe amagulitsa, nthabwalayo mufotokoze padera ngati munthuyo akuifuna.

Pomaliza, yesani kumasulira kwanuko

Pezani munthu yemwe sanaone chithunzi, mumuwerengere mzere wanu wokha, kenako mumufunse za zochita osati za tanthauzo. "Ndi Loweruka 10 koloko, uli pa galimoto yobwereka, uisiya kapena ayi?" "Uli pa njinga, ulowa?" "Cha 200 ulipira zingati?" Akayankha molakwika kapena akayamba ndi "zitengera", ndiye kuti pali chomwe mwataya, ndipo kawirikawiri mukabwerera ku chithunzi mupeza kuti ndi kaliwu ka "kupatula" kapena tsiku. Kuyesa kumeneku n'kofunika ngakhale kwa akuluakulu a ntchito, ku Swansea ku Wales mu 2008 anakhoma chikwangwani cha pamsewu chomwe mbali yake ya Chiwelishi inali yankho la imelo lonena kuti womasulira sali mu ofesi, poti analilandira n'kuganiza kuti ndiko kumasulirako, ndipo panalibe wodziwa chilankhulocho yemwe anawerenga asanachikhome.

Mukakhala kuti kachikwangwani kena kapansi simukukamvetsa, kaya kafufutika kaya ndi chidule chomwe simunachionepo, muuzeni munthuyo mosabisa kuti mzere wachitatuwo sindikuumva, ndipo atenge ngati lamulo lapamwambalo likumukhudza. Aimike pena, kapena aloze chikwangwanicho kwa wa shopu yapafupi n'kulozanso galimoto yake, wa shopuyo amachiona tsiku lililonse ndipo ayankha ndi mutu ngakhale asamvane chilankhulo.